Umboni wakuti x³ − 3x² + 5x − 4 = 0 ili ndi yankho limodzi lokha

Tikufuna kusonyeza kuti pa manambala enieni onse, pali nambala imodzi yokha x imene imakwaniritsa ikwezhoni iyi:

x³ − 3x² + 5x − 4 = 0

Tiyeni tilembe f(x) = x³ − 3x² + 5x − 4. Pali mafunso awiri osiyana pano, ndipo lililonse likufuna umboni wakewake. Kodi yankho lilipo? Ngati lilipo, kodi lilibe linzake?

Tiyambe ndi kupezeka kwa yankho. Fankishoni f ndi polinomiyo, choncho ndi yosaduka paliponse: galafu yake ilibe mpata ndipo silumpha. Tikaika 1 ndi 2 m'malo mwa x tikupeza:

f(1) = 1 − 3 + 5 − 4 = −1

f(2) = 8 − 12 + 10 − 4 = 2

Thiyoremu ya manambala apakati, imene Bernard Bolzano anaitsimikizira mu 1817, imanena kuti fankishoni ikakhala yosaduka kuchokera pa a kufika pa b, imadutsa pa nambala iliyonse imene ili pakati pa f(a) ndi f(b). Ziro ali pakati pa −1 ndi 2. Ndiye kuti pali nambala c, yokhala ndi 1 < c < 2, imene ikupereka f(c) = 0. Yankho lilipo.

Ambiri amalekera pomwepa, koma ntchito ikadalipo. Thiyoremuyi yangotiuza kuti galafu yawoloka mzere wa x, sinatiuze kuti yawoloka kangati. Taonani g(x) = x³ − x. Pa x = −2 ikupereka −6, pa x = 2 ikupereka 6, chizindikiro chasintha ndithu monga chasinthira pa f, komabe mayankho ake ndi atatu: −1, 0 ndi 1. Galafu ikhoza kukwera, kutsika, n'kukweranso. Tiyenera kutsimikiza kuti yathuyi sichita zimenezo, ndipo amene angatiuze ndi derivativu.

f′(x) = 3x² − 6x + 5

Pongoyang'ana, −6x akhoza kutikayikitsa, chifukwa x akakhala pozitivu gawo limeneli limakokera pansi. Kuyesa manambala angapo n'kupeza kuti onse atuluka pozitivu si umboni ayi. Tikonze sikweya:

f′(x) = 3(x² − 2x + 1) + 2 = 3(x − 1)² + 2

Sikweya ya nambala yeniyeni siingakhale negativu, kotero 3(x − 1)² ≥ 0, ndipo f′(x) ≥ 2 pa x aliyense. Derivativu imatsika kwambiri pa x = 1, ndipo ngakhale pamenepo ndi 2. Sifika pa ziro.

Tsopano tiyerekeze kuti mayankho alipo awiri osiyana, p ndi q, ndipo p < q. Ndiye kuti f(p) = 0 komanso f(q) = 0. Popeza f ndi yosaduka kuchokera pa p kufika pa q ndipo ili ndi derivativu paliponse pakati pawo, thiyoremu ya Rolle ikuti pali nambala d, yokhala ndi p < d < q, pamene f′(d) = 0. Maganizo ake ndi osavuta kumva: galafu ikachoka pa mzere wa x n'kudzabwereranso pa mzere womwewo, iyenera kukhota penapake, ndipo pokhoterapo kutsetsereka kwake ndi ziro. Koma taona kale kuti f′(d) ≥ 2. Nambala imodzi siingakhale ziro n'kukhalanso 2 kapena kuposerapo. Choncho zimene tinayerekeza zija n'zosatheka, mayankho awiri osiyana palibe.

Tikaphatikiza mbali ziwirizi, ikwezhoni x³ − 3x² + 5x − 4 = 0 ili ndi yankho lenileni limodzi lokha, ndipo lili pakati pa 1 ndi 2. Umboni wathera pamenepa.

Mawu aja akuti "yosaduka kuchokera pa p kufika pa q" musawasiye polemba, ndimawaona ngati mtima wa gawo lachiwirili. Tengani h(x) = x − 1/x. Derivativu yake ndi 1 + 1/x², yomwe ndi pozitivu paliponse pamene h ili ndi tanthauzo, koma h(x) = 0 ili ndi mayankho awiri, −1 ndi 1. Chifukwa chake n'chakuti h imaduka pa x = 0, pakati penipeni pa mayankho awiriwo, ndiye thiyoremu ya Rolle siingagwire ntchito. Polinomiyo yathu ilibe vuto limeneli, koma woŵerenga ayenera kuona kuti mwalifufuza.

Umboniwu sunatiuze kuti c ndi nambala yanji kwenikweni, ndipo funso silinafune zimenezo. Wofuna kuyandikira akhoza kugwiritsanso ntchito thiyoremu yoyamba ija pa mpata wocheperapo: f(1.4) = −0.136 ndipo f(1.5) = 0.125, kotero 1.4 < c < 1.5.