Uthenga wa kolera wa dzinja lino: wokalipa uja tausiya, tijambule uwu

Kwa nonse amene mudzakhale mu situdiyo Lachinayi,

Uthenga umene takhala tikuulutsa madzulo aliwonse ndi uwu, ndaulemba monga mmene umamvekera:

"Chenjezo! Kolera ndi matenda a uve. Anthu ambiri akumwalira chifukwa cha umbuli komanso kusamvera malangizo. Musamwe madzi osatetezedwa. Musadye zakudya zozizira. Musachite chimbudzi kutchire kapena m'nyanja. Khomo lililonse lopanda chimbudzi lidzalipitsidwa kwa amfumu. Mwachenjezedwa!"

Malangizo a madzi ndi chimbudzi ali mmenemu ndi oona, koma taganizani za mayi wa kudooko kuno ku Salima amene mwana wake wayamba kutsegula m'mimba usiku. Wailesi yamuuza kale kuti ndi wauve komanso mbuli. Adzuka n'kukagogoda kwa aneba kuti amuperekeze kuchipatala? Ambiri amatseka chitseko n'kudikira kuti kuche, pamene kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa chabe. Ndipo uthengawu wanena "musa-" katatu osatchulako Thanzi ngakhale kamodzi.

Anthu athu kolera akuidziwa. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse n'kutenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo maliro ake anthu anawaona ndi maso. Kuwaopseza nazonso n'kungowawitsa mitima. Mu uthenga watsopanowu manambala ndawasiya, za chindapusa ndachotsa (zimenezo amfumu amanena okha pabwalo), ndipo mawu akuti uve asamvekemo. Otenga mbali ya alangizi, chonde musakweze mawu ngati muli pamsonkhano. Yankhulani ngati mwakhala pamkeka.

SEWERO LA MPHINDI 3

(Tambala akulira. Mjigo ukupopedwa, madzi akugwera mu ndowa.)

MLAMU: Mwadzuka bwanji alamu? Dzulo sitinakuoneni pamjigo pano.

MAYI: Ndadzuka, kaya inu alamu. Ine ndagona kuchipatala masiku awiri. Mwana wanu uja anatidzidzimutsa.

MLAMU: Iii, Chifundo? Nanga osatiuza bwanji?

MAYI: Manyazi, alamu. Zinayamba pakati pa usiku. Kutsegula m'mimba kwake kunali kwa madzi okhaokha, oyera ngati otsukira mpunga, kwinaku akusanza. Mumtima ndinati anthu akamva kuti ndi kolera adzati pakhomo panga m'posasamalika.

MLAMU: Pakhomo panu pomwe paja, posesedwa mpaka kuseri kwa khola?

MAYI: (Akuseka pang'ono) Ndi zomwe ananena apongozi. Anati, "Mwananga, manyazi tidzachita mawa, lero tiyeni tipulumutse mwana." Anasungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, bambo ake n'kukadzutsa wakabaza. Njira yonse ndinkangomumwetsa pang'onopang'ono. Akasanza, ndidikire pang'ono, n'kuyambiranso.

MLAMU: Nanga kuchipatala sanakukalipireni?

MAYI: Ndinkayembekezera zomwezo. Koma anesi anangoti, "Mwachita bwino kubwera usiku womwe uno, mayi." Anamuika diripi, osalipira ngakhale tambala imodzi. Panopa ndamusiya akulimbana ndi phala.

(Njinga ikuima, belu likulira.)

MLANGIZI: Zikomo amayi, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti wodwala wathu watuluka.

MAYI: Watuluka, alangizi. Zikomo kwambiri.

MLANGIZI: Tithokoze inuyo, amake Chifundo. Mwanayo mwamupulumutsa ndinu, ndi Thanzi wa panjira uja. Kolera imapha pomaliza madzi m'thupi, ndiye amene wayamba msanga kubwezera madziwo wagwira kale ntchito yaikulu. Ndipo musadzione olakwa. Mvula ikagwa, madzi othamanga amakokolola zonyansa n'kukalowetsa m'zitsime. Madzi amatha kuoneka oyera bwinobwino tizilombo tili momwemo.

MLAMU: Koma alangizi, ine ndinene zoona. Kolorini wanu uja kwathu abambo amakana. Akuti madzi amanunkha chipatala.

MLANGIZI: (Akuseka) Sakunama abambowo, kafungo kamakhalapo. Kawirikawiri kamakula tikapyoza muyezo. Thirani muyezo umene ndinakuonetsani uja, vundikirani ndowa, mudikire mphindi 30 musanamwe. Mukathira madzulo, pofika mmawa kafungo kamakhala katachepa. Tsiku limene kolorini watha, wiritsani.

MLAMU: Ndiye ndiziti ndawaphikira madzi?

MLANGIZI: Eya, muziti ndi tiyi wopanda masamba! (Onse akuseka) Pandowapo pazikhala makapu awiri, ina yotungira, ina yomwera. Ndipo pa chakudya tizithirirana madzi posamba m'manja ndi sopo, beseni limodzi lija tilipumitse kaye dzinja lino.

MAYI: Ine bambo ake Chifundo andikonzera mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Kachigubu, chingwe ndi mitengo itatu basi. Ana akuchita kulimbirana kuponda.

MLAMU: Madzulo ndibwera ndidzaone. Ndibweretsanso kambatata ka wodwalayo.

(Nyimbo yapansipansi ya gitala ilowe, ikhale pansi pa mawu.)

WOULUTSA: Amayi, abambo, agogo, tikudziwa kuti mumayesetsa kusamalira mabanja anu, ngakhale madzi ali kutali ndipo sopo wakwera mtengo. Kolera ikhoza kugwa pakhomo la wina aliyense, ndipo imachizika. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, mumwetseni Thanzi nthawi yomweyo, ndipo nyamukani kupita kuchipatala ngakhale uli usiku. Ngati ndi khanda, pitirizani kuyamwitsa. Kuchipatala cha boma thandizo lake ndi laulere. Muli ndi funso? Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kapena imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni.

(Nyimbo ikwere, kenaka izilala.)

Mawu awiri kwa ojambula. Pamene mayi akuti "Manyazi, alamu," pakhale kachete ka mpweya umodzi asanapitirize, musadule pokonza. Kuseka kwa pa tiyi wopanda masamba kukhale kwenikweni. Kukamveka kokakamiza, nthabwalayo ingochotsani, sewero liyendabe. Wina anafunsa ngati si bwino kuti mlamu avomere pomwepo kuti ayamba kuthira kolorini. Ine ndakana. Munthu satembenuka mtima pamjigo m'mphindi imodzi, ndipo omvera akudziwa zimenezo. Kunena kuti abwera madzulo kudzaona mpondagiya kwakwanira.

Nambala ija woulutsa aitchule modekha, nambala imodziimodzi, chifukwa ena amamvera wailesi ali kumunda kapena pa ngalawa, alibe polemba.

WAUFUPI WA MASEKONDI 30, WOIKA NKHANI ZISANAYAMBE

(Mawu a gogo wamkazi, opanda nyimbo.)

GOGO: Adzukulu anga, ndimvereni kuno. Mwana akayamba kutsegula m'mimba usiku, musadikire tambala. Sungunulani Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzimumwetsa muli panjira ya kuchipatala. Mukachita mantha kuyenda nokha, gogodani kwa aneba. Ine mdzukulu wanga tinatero, lero ali kusukulu.

WOULUTSA: Sungani paketi ya Thanzi m'nyumba dzinja lino. Kuti mumve zambiri, imbani 929.