Mawu a Tadala Mbewe kwa ophunzira anzake pa tsiku la manifesito

Anzanga, mwaswera bwanji? Akumbuyoko mukundimva? Amene mwaima m'mawindomo, kwezani dzanja ngati mawu akufika. Eya, zikomo.

A komiti yoyendetsa zisankho, anzanga amene tikupikisana, ndi inu nonse, mayaro ndi makonti omwe, ndakulemekezani. Andipatsa mphindi zochepa, ndiye za kavinidwe ndawasiyira anzanga aja analankhula ine ndisanakwere pano.

Dzina langa ndine Tadala Mbewe, ndili chaka chachitatu, ndipo ndikupempha mpando wa pulezidenti wa yuniyoni yathu. Kwathu ndi ku Mitundu. Bambo anga amalima fodya, mayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi mu msika wa Lizulu kutauniku. Ngati munaguliko tomato kwa mayi wina wosalola kutsitsa mtengo koma wa pulaizi yambiri, mwina munathandizirapo pa fizi yanga, ndiye ndithokozeretu.

Ambiri dzina la Tadala simulidziwa, mumangoti "sisi wa mafomu". Ndine ndemwe. Lamulo lokhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu za ukachenjede linabwera mu 2015, ndipo masiku ano mafomu ake timalemba pa intaneti. Koma munthu wochokera ku sekondale yoyendera ku Dowa kapena ku Ntchisi, woti kompyuta anangoionera pa windo la ahedi, mumati ayambire pati? N'chifukwa chake kwa zaka ziwiri ndakhala pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa laibulale uja, ndi laputopu yobwereka, kuthandiza anthu kulemba. Palibe anandisankha, palibe anandilipira. Ena mwa inu mwakhala kutsogoloku tinalemba limodzi mpaka batire kutha.

Tsono ndikuuzeni chimene chandikweza pa nsanja pano.

Ine hositelo sindinaipezepo. Chaka choyamba tinkakhala atsikana anayi m'kachipinda kamodzi ka lendi, mbaula imodzi, ndiwo zake bonya lero, soya mawa, mkuja bonya yemweyo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, miyezi 18 yokha chigwereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Akadaulo a zachuma anafotokoza zambiri pa wailesi. Ife tinazimvera kwa alandilodi, amene anagogoda m'mawa n'kutiuza kuti lendi yakwera, wosafuna atulutse katundu. Mmodzi mwa ife, dzina sinditchula, anali katswiri wa masamu kuposa tonse, moti ena tinapulumuka sapu chifukwa cha iye. Anayamba kudya kamodzi patsiku. Tikamuitana ku nsima ankati wadya kale kwa anzake, ife n'kumakhulupirira. Tsiku lina anangolongedza chikwama, akuti akukaona mayi ake ku Kasungu. Mpaka lero sanabwerere. Sanawidedwe ayi, magiredi ake anali abwino kuposa anga. Inamuchotsa pano ndi njala.

Asanapite, ndinakagogoda ku ofesi ya yuniyoni kukapempha thandizo la K30,000 yokha. Anandiyankha kuti m'thumba mulibe kanthu. Loweruka la sabata yomweyo kunali dansi, zokuzira mawu zochita kubwereka kutauni, mpaka mbandakucha. Sindikuti wina anaba. Ndikuti ine sindinaonepo pepala losonyeza mmene ndalamazo zinayendera, ndipo inunso simunalionepo. Alipo analionapo? Akweze dzanja. Ndikudikira.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Aliyense wa ife amalipira K5,000 ya yuniyoni pa semesita. Pano tilipo pafupifupi 2,000. Imeneyo ndi K10 miliyoni pa semesita, K20 miliyoni pa chaka. Ndi ndalama ya tomato wa mayi anga, ya kabaza wa achimwene anu, ya ganyu amene ena mumakagwira pa holide. Mukandisankha, tsiku loyamba la mwezi uliwonse ndidzamata pa bolodi la ku kafeteriya pepala losonyeza zomwe zalowa, zomwe zatuluka ndi amene wasainira, ndipo chithunzi chake chidzafika m'magulu onse a makalasi pa WhatsApp. Mwezi ukadzadutsa pepalalo osaoneka, malamulo a yuniyoni amakupatsani mphamvu yoitanitsa msonkhano waukulu. Mudzauitanitse, mudzandichotse.

Pa K10 miliyoni imeneyo, ndikufuna K2 miliyoni izikhala padera, ya wophunzira amene wagwa m'mavuto adzidzidzi: maliro kumudzi, matenda, kuthamangitsidwa m'nyumba, kapena njala ngati ya mnzanga uja. Oiyang'anira adzakhala oimira makalasi, osati ine ndi anzanga. Dansi idzakhalapo, musaope, inenso ndimavina. Koma sitingavine wina akugona ndi madzi m'mimba chipinda choyandikana nafe.

Kwa ife okhala kunja, tidzalemba kaundula wa nyumba za lendi: mtengo wake, ngati pali madzi, ngati chimbudzi chili bwino, ngati chitseko chimakhomeka. Mukukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, mmene sukulu za pulayimale ndi sekondale za muno mu Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwera kutsegulira mu Januwale 2023. Nkhani ya chimbudzi si yoseketsa. Yaro asamafike ndi chikwama pamutu n'kugwera m'manja mwa aliyense amene wamupeza pa siteji. Ndipo kanjira ka kumunsi kaja, kamene atsikana timathamanga tikamachokera ku laibulale usiku, tidzakakamira mpaka aikemo magetsi. Zikachedwa, tidzakonza zoti tiziyenda m'magulu nthawi zodziwika.

Mwamva anzanga ena akulonjeza kuti atsitsa fizi ndipo amanga hositelo. Ndimawakonda, koma pulezidenti wa yuniyoni alibe siginecha imeneyo. Fizi amakhazikitsa ndi a khonsolo ya sukulu. Ine ndingathe kukakhala pa tebulo lawo ndi mayina komanso manambala a amene asiya sukulu, n'kulankhula mosaopa, kenako kubwera kudzakuuzani ndendende zimene ayankha, zokoma ndi zowawa zomwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikulonjeza zokhazo zimene dzanja langa lingafikire.

Wina anandifunsa dzulo ku chiwaya kuti, "Sisi, nanga zikavuta mudzatitsogolera kumsewu?" Mu Malichi 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda pa msewu nthawi imene munthu ankaopa ndi mkazi wake yemwe, ndipo pa 14 Juni 1993 dziko linavotera zipani zambiri. Ndiye msewu sindiunyoza. Koma tikaswa mawindo a laibulale, bilu yake imagwera makolo athu omwewo, sukulu n'kutsekedwa, wa chaka chomaliza n'kukakhala kumudzi miyezi. Tidzayamba ndi kalata, kenako zokambirana. Zikakanika tidzayenda, mwamtendere, ndipo ine ndidzakhala kutsogolo, osati pa foni.

Ndamvanso manong'onong'o akuti mpandowu ndi wolemera, mtsikana sangauthe. Achimwene amene mukunena zimenezo, pisani m'thumba mutulutse K200. Nkhope ili pamenepo ndi ya mayi Rose Chibambo, amene atsamunda anawatsekera mu 1959 ali ndi khanda m'manja. Ndalamayo mumailandira bwinobwino osadandaula.

A komiti akundilozera wotchi. Kuvota ndi Lachisanu likubwerali, muholo muno, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Musaiwale chiphaso chanu cha sukulu. Okhala kutali, dzukani msanga minibasi zisanayambe kuvuta. Pa pepala la pulezidenti dzina langa lili pa nambala 3, Tadala Mbewe. Amene muli ndi mafunso, kuyambira mawa masana mundipeza pansi pa mango paja. Zikomo kwambiri.