Mpando wa Pazenera

Mwandida anafika pa siteji ya basi pa boma la Nkhotakota kusanache, mawu a azana akumvekabe chakumzikiti. Mayi ake ananyamula kathumba ka mpunga pamutu, iye chikwama ndi jumbo ya usipa wouma wopita kwa azakhali ku Ndirande. Ndalama anamangirira pangodya ya chitenje cham'kati, mfundo ziwiri.

"Wamva zimene ndakuuza?" anafunsa mayi ake kachitatu. "Chakudya cha munthu wosamudziwa usalandire. Wina akakulankhulitsa, ungoyang'ana panja. Ukafika pa Wenela usasunthe mpaka azakhali ako akupeze."

"Ndamva, Amayi."

Anali ndi zaka 19, ndipo kutali kumene anafikako moyo wake wonse kunali ku Salima, tsiku la ukwati wa msuweni wake, atapanikizana ndi abale kumbuyo kwa lole. Lero ankapita yekha ku Blantyre kukaphunzira kusoka. Basi itanyamuka, anaona mayi ake akupukuta m'maso ndi chitenje, kenako mtengo wa mango unawabisa.

Anapeza mpando wa pazenera. Pa mlatho wa Chia basi inaima pang'ono, anyamata akuthamanga ndi nsomba zoboola pankhosi, zina zikuphiriphithabe, akuzikweza mpaka pagalasi. Fungo la nyanja linalowa m'basimo, ndipo mtima wa Mwandida unati ubwerere kwawo pompo. Anagwira mfundo ya chitenje ija, naipeza ilipo.

Pa Benga panakwera bambo wokalamba wa jekete yotuwa ndi ndodo. Mnyamata amene anawaperekeza anawakhazika pafupi ndi Mwandida, n'kutsika msanga basi isanamutenge. Agogowo anapereka moni. Mwandida anayankha motsitsa mawu, n'kutembenukira panja monga anauzidwira.

Anayenda choncho mpaka kudutsa Khombedza. Kenako agogo aja anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba la jekete, naliyandikitsa kumaso mpaka kukhudza mphuno, naliika kutali, n'kupumira m'mwamba.

"Mdzukulu, kodi sukulu unapitako?"

"Eya, Agogo. Ndinalemba Fomu 4."

"Tandionere tsiku limene alemba apa. Ndikuopa kuti mwina ndaphonya."

Apa m'pamene Mwandida anawayang'ana bwinobwino. Maso awo onse awiri anali oyera pakati, ngati wathiramo madzi a mpunga. Inali ng'ala. Pepalalo linali la kuchipatala, lowatumiza kwa madokotala a maso ku Gulupu.

"Ndi mawa m'mawa, Agogo. Simunaphonye."

"Ambuye alemekezeke. Mwana wanga akandichingamira pa Wenela. Dzina langa ndine Nkhoma. Nanga iwe ndiwe mwana wa yani?"

Malangizo a mayi ake anamubwerera m'mutu, koma kusayankha munthu wamkulu chotere kukanakhala mwano. Anawauza.

Pa Kamuzu Road ku Salima basi inakhalitsa. Ogulitsa mazira owiritsa, chinangwa ndi madzi a m'mapepala anazinga mazenera, akabaza akuimba mabelu. Mwandida anamasula kansalu kake ka mbatata yootcha. Anadya chidutswa chimodzi, koma chachiwiri chinakana kutsika, poti munthu wapambali pake sankatafuna kanthu. Mayi anati usalandire, za kupatsa sananene. Anatenga dzanja la agogo aja n'kuikamo mbatata.

Kuchokera pamenepo ulendo unasintha. A Nkhoma ankaudziwa msewuwo ndi mutu, Mwandida ankauona ndi maso, ndipo anayamba kugawana ntchito.

"Tadutsa Chipoka?"

"Tangodutsa kumene."

"Ndiye yang'ana kumanja. Ukuona chiyani?"

"Mapiri, Agogo. Ataliatali, obiriwira mpaka pamwamba."

"Ndi a ku Dedza amenewo. Kuseri kwake kumazizira, munthu wa kunyanja ngati iwe sungagone. Nanga milambe yayamba?"

Inali itayamba, ikuluikulu, yopanda masamba, ina itaima pakati pa minda ngati eni munda. Mwandida ankafotokoza zonse: njanji yoyenda m'mbali mwa msewu, ng'ombe za ku Golomoti, mtsikana wovala yunifolomu yabuluu akuthamangitsa mbuzi. Sanazindikire kuti mawu ake akwera, mpaka mayi wina wakutsogolo anacheuka n'kumwetulira.

Atadutsa Sharpevale dzuwa linali paliwombo, anthu ambiri akuwodzera. A Nkhoma anafunsa ngati akudziwa chifukwa chake depoti ya ku Blantyre imatchedwa Wenela.

"Ayi, Agogo."

"Linali dzina la bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ku Joni. Ine ndinapita ndili wachinyamata ngati iweyo. Ankatipima pachifuwa, kutikweza pasikelo ngati thumba la mtedza, kenako ndege. Mayi anga anandimangira ufa wa kondowole, osadziwa kuti sindikaupeza mphika wophikira." Anaseka pang'ono, n'kukhala chete. "Mu 1974 ndege ina inagwa ku Francistown, itanyamula anzathu obwerera kumudzi. Kamuzu analetsa ulendowo. Mmodzi mwa iwo tinkagona chipinda chimodzi. Anali atagula wailesi yoti akapatse bambo ake."

Mwandida anasowa chonena. Anangoyang'ana manja awo, zala zokhota zitagwira ndodo.

"Munkaopa, tsiku loyambalo?"

"Ndinalira kuchokera pakhomo mpaka ku Salima. Iwe walira mpaka pati?"

"Pa Chia."

"Ndiye ndiwe wolimba kuposa ine."

Pa Zalewa apolisi anauza onse kuti atsike. Anthu anakankhana pakhomo, ndipo Mwandida anapezeka akunena mokweza, mawu amene sankadziwa kuti ali nawo: "Tadikirani kaye, pali agogo osaona apa!" Anthu anapatuka. Anawatsitsa sitepe imodzi imodzi, dzanja lawo lili paphewa pake. Atakweranso, basi ikuwoloka mlatho, anawauza kuti Shire ndi wamkulu, madzi ake akuthamanga pamiyala.

"Madzi akwanu amenewo," anatero a Nkhoma. "Achokera kunyanja komwe uko. Nawonso akupita kumwera."

Lirangwe, Lunzu, kenako nyumba zinayamba kuthinana osalekeza, magalimoto mbali zonse, phiri la Ndirande litaima kumanzere. Mimba ya Mwandida inapotokola. Pa Wenela phokoso linali ngati la msika wa Loweruka kuchulukitsa kakhumi: oitanira, mahutala, anyamata akulimbirana katundu. Wina anagwira kathumba ka mpunga, Mwandida anakakoka mwamphamvu mpaka mnyamatayo anakasiya.

"Mwandi! Mwandida!"

Azakhali anamukumbatira, akununkhira sopo, akufunsa za kumudzi mafunso atatu nthawi imodzi. "Tiye msanga, minibasi za ku Ndirande zimavuta kukada."

Mwandida anacheuka. A Nkhoma anali ataima pafupi ndi tayala la basi, ndodo kutsogolo, nkhope ataikweza, akumvetsera mawu a aliyense wodutsa. Mwandida anapita n'kutenga pepala lija. Kuseri kwake kunali nambala yolembedwa ndi pensulo. Anaimba. Mwamuna anayankha mopuma wefuwefu kuti bwana wamuchedwetsa, ali ku Limbe, akubwera.

"Ndi ndani amenewa?" anafunsa azakhali.

"Ndi agogo Nkhoma a ku Benga. Mwana wawo akubwera."

"Ndiye akubwera, tiye."

"Tidikire pang'ono, Azakhali. Saona."

Azakhali anamuyang'ana kanthawi, anayang'ananso dzuwa, kenako anatula chikwama pansi. Mwandida anakokera kathumba ka mpunga pamthunzi wa khoma, anakasalaza pamwamba ndi dzanja, n'kuwagwira agogo aja pamkono.

"Khalani apa, Agogo. Ndikuuzani akamatulukira. Mwati ndi wamtali?"