Kuchotsa zakumbuyo kwa chithunzi pogwiritsa ntchito foni

Malangizo awa ndi a munthu amene wajambula chinthu chimodzi pamalo a mtundu umodzi, ndipo akufuna kuti chinthucho chitsale chokha kuti achiike pa chithunzi china kapena pa uthenga wotsatsa malonda. Chitsanzo chathu ndi nsapato yakuda ya zingwe zoyera imene yajambulidwa pansalu yoyera, ndipo tigwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Background Eraser, yopangidwa ndi handyCloset Inc., pa foni ya Android.

Musanatsegule pulogalamu, yang'anani chithunzi chanu bwinobwino. Pulogalamuyi imafufuta potsatira kufanana kwa mitundu, choncho ngati nsalu ili ndi makwinya, kapena mthunzi wa nsapato ndi wakuda kwambiri moti sukusiyana ndi nsapatoyo, ndi bwino kujambulanso pamalo owala kusiyana ndi kudzavutika kukonza ndi chala.

Poyamba, tsegulani Play Store, lembani dzina la pulogalamuyi, ndipo onetsetsani dzina la oipanga musanaitsitse, chifukwa mapulogalamu a mayina ofanana ndi ambiri. Mukaitsegula, dinani "Load a photo", iloleni kuona zithunzi zanu, kenako sankhani chithunzi cha nsapato. Mauthenga otsatsa malonda azioneka nthawi zina, ndipo mutha kungowatseka.

Chachiwiri ndi kudula chithunzi. Kokani m'mphepete mwa bokosi limene laonekera mpaka litayandikira nsapato mbali zonse, koma musaidule, ndipo dinani "Done". Zimene mwadula pano simudzafunikanso kuzifufuta.

Tsopano sankhani "Auto". Muona kachizindikiro kolozera kamene kamakhala pamwamba pang'ono pa chala chanu, ndipo kanaikidwa choncho dala kuti chala chisabise malo amene mukugwirapo. Mtunda wake mutha kuusintha pa "Cursor Offset". Ikani kachizindikiroko pansalu yoyera ndi kuchotsa chala. Malo onse oyandikana a mtundu wofananawo afufutika, ndipo m'malo mwake muona timabokosi tosonyeza kuti pamenepo palibenso kanthu. Timabokosito si mbali ya chithunzi.

Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Pali kamzere kokoka kamene kamauza pulogalamu kukula kwa kusiyana kwa mitundu kumene ikuyenera kulekerera. Mukakakokera patali, imafufuta malo aakulu nthawi imodzi, koma imadyanso zingwe zoyera za nsapato, popeza kwa iyo zingwezo ndi nsalu n'chimodzimodzi. Mukakasiya pafupi, imasiya timadontho toyera ndi mthunzi. Njira yabwino ndi kuyamba pang'ono, n'kumawonjezera uku mukuyang'anitsitsa zingwezo, ndipo zikangoyamba kudyeka mubwerere m'mbuyo. Malo otsekeredwa, monga mpata wa pakati pa zingwe zomangidwa, amafunika kuwadina paokha.

Zotsala muzichotse pamanja. Dinani "Zoom", kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri, kenako sankhani "Manual" ndi kuchepetsa kukula kwa chofufutira musanayambe kuyenda m'mphepete mwa nsapato. Yendani timtunda tatifupi n'kumachotsa chala pafupipafupi, kuti dzanja likaphonya, kamuvi kobwezera kabweze kachigawo komaliza kokha osati ntchito yonse. Pamene nsapato yadyeka, sankhani "Repair" ndi kupaka pamalopo, ndipo mbali yofufutikayo ibwerera. Kunena zoona, ntchito yambiri imaonongekera apa, chifukwa anthu amafufuta chithunzi chili chaching'ono ndipo amadzaona timizere toyera atachiika kale pamtundu wakuda.

Mukakhutira, dinani "Done". Pulogalamu ikupatsani manambala osalazira m'mphepete. Nambala yaing'ono monga 1 kapena 2 imakwanira nthawi zambiri, pamene yaikulu imapyapyalitsa tinthu tating'ono monga nsonga za zingwe. Kenako dinani "Save".

Chithunzicho chisungidwa ngati failo ya mtundu wa PNG, ndipo chiyenera kukhalabe choncho, chifukwa failo ya mtundu wa JPEG sisunga malo opanda kanthu ndipo imawadzaza ndi mtundu woyera kapena wakuda. Musadabwe mukachitsegula m'malo oonera zithunzi a foni n'kupeza kumbuyo kwake kukuoneka kwakuda, pakuti mapulogalamu ena amaonetsa motero malo opanda kanthu. Kuti mutsimikize, chiikeni pamwamba pa chithunzi china. Musachijambulenso pa sikirini pofuna kuchisunga. Ngati mukuchitumiza pa WhatsApp kwa munthu woti akachigwiritse ntchito, sankhani "Document" m'malo mwa "Gallery", kuti failo ifike mmene ilili popanda kusinthidwa.