Matumba a Ufa wa Phala

Uthengawo unafika pa foni ya Tiyamike Lachitatu masana, nthawi imene atolankhani anzake mu ofesi ya nyuzipepala ku Blantyre anali kalikiliki kumaliza nkhani za tsiku lotsatira. Anali mawu a bambo wina amene sanatchule dzina lake, ndipo ankanena molimba mtima kuti mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya pulayimale ku Phalombe wagulitsa matumba 40 a ufa wa phala la ana. Pamodzi ndi mawuwo panali chithunzi cha ngolo yodzaza matumba ikutuluka pabwalo la sukulu chakumadzulo.

Tiyamike anali atagwira ntchitoyi miyezi isanu yokha, ndipo nkhani zake zonse zinkathera m'masamba a m'kati, momwe ngakhale mayi ake ku Chiradzulu ankavutika kupezamo dzina lake. Analemba nkhaniyo mwamsanga, manja akunjenjemera ndi chisangalalo, nakaipereka kwa mkonzi, a Nachisale, amene anakalambira m'ntchito ya utolankhani.

A Nachisale anawerenga kawiri, kenaka anavula magalasi. "Amene walankhula mu uthengawu ndi ndani?"

"Sindikuwadziwa, mayi, koma uthengawu wafika kale m'magulu ambiri a pa WhatsApp, ndipo tikachedwa anzathu atipitirira."

"Nanga aphunzitsi aakuluwo wawafunsa? Nanga a komiti ya sukulu, kapena ofesi ya zamaphunziro ya boma la Phalombe?"

Tiyamike anayankha kuti foni ya aphunzitsiwo sinkapezeka, ndipo anapempha kuti angowonjezera mawu oti "akuti" m'chiganizo chilichonse kuti nyuzipepala isadzakhale pa mlandu. A Nachisale anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anamufotokozera za chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinawanda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu a anthu olusa. Anati aliyense amene ankafalitsa nkhani ija ankayambanso ndi mawu omwewo oti "akuti."

"Mwana wanga, mawu amenewo mwina angateteze ife, koma sangateteze bambo amene wamutchulayu. Pepani sapoletsa chilonda. Mawa ulawirire, ukaone wekha."

Usiku umenewo Tiyamike sanagone bwino. Tsamba lina la pa intaneti linali litatulutsa kale nkhaniyo ndi chithunzi chomwe chija, ndipo anthu mazanamazana ankatukwana mphunzitsiyo. Iye anakopera nkhani yake pa tsamba lake la Facebook, nayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali chala chili m'mwamba, akudziuza kuti tsambalo ndi lake ndipo mkonzi alibe nalo gawo. Chimene chinamubweza chinali funso loyamba lija, pakuti anazindikira kuti munthu atamufunsa kumene wamva, sakanatha kutchula ngakhale dzina limodzi. Anafufuta zonse, nazimitsa foni.

M'mawa anakwera minibasi ku Limbe, ndipo atatsika anamalizira ulendo pa kabaza. Pasukulupo anapeza ana akumwa phala m'makapu apulasitiki pansi pa mtengo wa mango. Wapampando wa komiti ya sukulu, mayi wachikulire wovala chitenje chofwifwa, anamutengera kuchipinda chosungiramo katundu, ndipo anamuonetsa malata amene anasasuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, omwe anangokhomedwa mongoyembekezera. Mvula itayambanso, madzi ankadontha pamatumba, choncho komiti inagwirizana zowasamutsira ku nyumba ya mpingo yapafupi. Tiyamike sanakhutire ndi mawu okha. Anapempha kaundula, naona tsiku ndi masiginecha a anthu atatu, kenaka anapita kumpingoko kukawerenga matumbawo limodzilimodzi. Anapeza 34, ndipo 6 otsalawo analembedwa m'kaundula kuti anaphikidwa kale sabata imeneyo.

Tiyamike anam'peza mphunzitsi wamkuluyo kunyumba, atakhala pakhonde pafupi ndi zenera losweka. Mwala umene anyamata anaponya usiku unali udakali m'chipinda chochezera, ndipo akazi awo anali atatenga ana kupita kwawo. Bamboyo anafotokoza kuti anazimitsa foni chifukwa cha matelefoni owaopseza.

"Ndaphunzitsa zaka 22," anatero motsitsa mawu, "koma mwa onse amene alemba za ine, inu ndinu woyamba kudzandifunsa."

Tiyamike anawerama, chifukwa ankadziwa zimene anatsala pang'ono kuchita usiku wapitawo. Anatsegula kabuku kake, napempha bamboyo kuti afotokoze zonse kuyambira pachiyambi, ndiponso kuti amuuze kalembedwe koyenera ka dzina lawo.