Kalata yopempha malipiro a ovataimu ya Epulo mpaka Juni 2024

Depoti ya Lizulu,
Ntcheu.
5 Ogasiti 2024

Kwa Manejala Wamkulu,
Ofesi ya pa boma,
Ntcheu.

Bwana,

PEMPHO LA MALIPIRO ANGA A OVATAIMU OKWANA K177,400

Ndine kalaliki wanu wa pa sikelo ku depoti ya Lizulu, ndipo ndakhala pa ntchitoyi kuyambira mu Malichi 2022. Ndikulemba kupempha ndalama za maola owonjezera amene ndinagwira pa nyengo yogula soya, nyemba ndi chimanga, kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 29 Juni chaka chino. Malipiro a Epulo, Meyi, Juni ndi Julaye onse atuluka, koma pa mapepala a malipirowo palibe ngakhale tambala ya ovataimu. Nkhaniyi ndinayamba ndaitula kwa a kapitawo a depoti pakamwa. Poti sizinathandize, ndaona kuti ndi bwino ifike kwa inu molemba.

Kontirakiti imene tinasainirana ikunena momveka. Ndime 4 ikuti ndizigwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndi ola limodzi la nkhomaliro, kutanthauza maola 8 pa tsiku, maola 48 pa sabata. Ndime 5 ikuti malipiro anga ndi K124,800 pa mwezi, owerengedwa pa masiku 26, ndiye kuti K4,800 pa tsiku kapena K600 pa ola. Ndime 6 ikuti ndikalamulidwa ndi kapitawo kupitiriza ntchito kunja kwa maolawa, kampani idzandilipira motsatira lamulo la dziko.

Lamulolo ndi Lamulo la za Ntchito la chaka cha 2000. Gawo 39 limagawa ovataimu patatu. Maola owonjezera pa tsiku wamba la ntchito amalipidwa malipiro a pa ola kuphatikizapo theka lake. Maola ogwira pa tsiku limene wantchito amayenera kupuma amalipidwa kawiri. Maola ogwira pa holide ya boma amalipidwa mosachepera kawiri. Kwa ine ndiye kuti K900 pa ola la tsiku wamba, ndi K1,200 pa ola la Lamulungu kapena la holide.

Mmene ntchito inkayendera m'miyezi imeneyo mukuudziwa, chifukwa malipoti a matani amene tinkagula ankafika pa tebulo lanu. Alimi ndi mavenda ambiri amafika ndi katundu dzuwa litapendeka, ena pa njinga, ena pa ngolo, atayenda mtunda wautali. Munthu wotero sungamubweze kuti abwere mawa chifukwa 4 koloko yakwana. Akagulitsa kwa ena, ndipo a kapitawo anatiuza kuti sikelo isatsekedwe pakhomo pali thumba. Tikamaliza kupima, malole opita ku Lilongwe amakhala akudikira, ndipo palibe thumba limene limakwera lole kalaliki asanaliwerenge ndi kulilemba. Masiku ena tinkamaliza 8 koloko usiku, tikuwunikira ndi tochi ya pa foni, mu chisanu cha Juni chija cha ku Lizulu. Amaganyu onyamula matumba ankalandira zawo tsiku lomwelo, ndipo zinali zoyenera kutero. Ine amene ndinkatseka buku ndiye ndinatsala.

Kuwerengera kwanga kuli motere. Pa masiku wamba ndinagwira maola owonjezera 142, ndipo pa K900 akukwana K127,800. Ndinagwira ntchito Lamulungu pa 28 Epulo, pa 5, 12, 19 ndi 26 Meyi, ndiponso pa 2 Juni, maola 7 tsiku lililonse. Pamodzi ndi maola 42, amene pa K1,200 akukwana K50,400. Ndinagwiranso maola 8 pa 1 Meyi, tsiku la anthu apantchito, ndi maola ena 8 pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu. Maola 16 amenewa akukwana K19,200. Zonse pamodzi ndi K197,400. Kumapeto kwa Meyi a kapitawo anandipatsa K20,000 pamanja, nati ndi ya sopo. Sanaitchule kuti ndi ya ovataimu, koma pofuna kuti pasakhale kukangana ndaichotsa ndekha, ndipo yotsala ndi K177,400.

Maola amenewa sindinawatenge m'mutu. Lisiti iliyonse ya pa sikelo ili ndi tsiku ndi nthawi, ndipo mabuku a malisitiwo ali ku ofesi yanu. Buku la a mlonda a pa geti likuonetsa nthawi imene ndinkatuluka. Mauthenga a a kapitawo ondiitana kuti ndibwere Lamulungu ndinawasunga m'foni. Ndaphatikiza pa kalatayi ndandanda wa tsiku ndi tsiku, fotokope ya kontirakiti, ndi mapepala anga a malipiro a miyezi inayi. Chonde a ku akaunti afananize ndi mabuku anu. Ngati penapake mabuku akusiyana ndi ndandanda wanga, ndine wokonzeka kukhala nawo pansi tionere limodzi.

Yankho limene ndinapatsidwa ku depoti ndi lakuti ovataimu ya nthawi yokolola imalowa m'malo mwa miyezi ya dzinja pamene katundu amachepa. Bwana, mfundo imeneyi sindikuivomereza. M'kontirakiti mulibe mawu oterowo, ndipo palibe pepala lina limene ndinasainira logwirizana nazo. M'dzinja sindikhala kunyumba: ndimafika 7 koloko, ndimagulitsa mbewu ndi feteleza, ndimawerenga katundu wa m'nyumba yosungira, ndimaweruka 4 koloko. Maola 48 aja ndimawakwaniritsa chaka chonse. Ndinauzidwanso kuti panalibe fomu yovomereza ovataimu. Fomu yotero sitinaionepo ku depoti kuno, ndipo ndime 6 ikunena za kulamulidwa ndi kapitawo, osati za fomu.

Pali chinanso chimene ndikufuna muchidziwe. Gawo 36 la lamulo lomweli limaletsa kugwiritsa munthu ntchito masiku opitirira 6 otsatizana osamupatsa maola 24 opumula. Ine kuyambira pa 22 Epulo mpaka pa 8 Juni sindinapumeko tsiku ndi limodzi lomwe. Sindinadandaule pa nthawiyo chifukwa ndinkaona kuti ntchito yachuluka ndipo ndimaikonda. Koma mbatesi zanga za kudimba ndinachita kulemba aganyu kuti azisamale, ndalama yake yokongola, podalira kuti ovataimu ikatuluka ndibweza. Ngongoleyo ilipobe, ndipo mwezi wamawa sukulu zikutsegulira, fizi ya mwana wanga wa Fomu 3 ikufunika.

Choncho ndikupempha kuti K177,400 ilipidwe pofika pa 19 Ogasiti 2024, ndipo ionekere payokha pa pepala la malipiro. Ngati kampani ili ndi chifukwa chokanira, ndiyankheni molemba pofika tsiku lomwelo. Ndikupemphanso kuti nyengo yogula ikubwerayi pakhale buku la ovataimu losainidwa ndi wantchito ndi kapitawo tsiku lililonse.

Tsikulo likadutsa popanda yankho, ndidzatengera nkhaniyi ku ofesi ya leba ya pa boma la Ntcheu monga lamulo likundilolera, ndipo ikakanika kumeneko idzapita ku khoti loona milandu ya apantchito. Gawo 31 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wolandira malipiro oyenera, ndipo gawo 57 la Lamulo la za Ntchito limati kudandaula kotere si chifukwa chochotsera munthu ntchito kapena kumupatsa chilango. Khumbo langa ndi lakuti tithane kuno konkuno, ndipo ntchito ndikupitiriza kugwira mwa nthawi zonse.

Chonde sainani pa kope yachiwiri ya kalatayi kusonyeza kuti mwailandira.

Ine wantchito wanu,
Kalaliki wa pa sikelo,
Depoti ya Lizulu.