Cholinga Changa Pofunsira Maphunziro a Digiri Yachiwiri ya Ulimi wa Mbewu ku Bunda

Ndikupempha malo m'maphunziro a digiri yachiwiri ya ulimi wa mbewu pa sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda, kuti ndifufuze funso limodzi lochokera m'minda ya kwathu ku Lirangwe, m'boma la Blantyre. Funsolo ndi ili: mlimi wa munda waung'ono akadulira nandolo n'kusiya zitsa kuti ziphukenso chaka chachiwiri pakati pa chimanga, kodi banja lake limapeza chakudya chochuluka kuposa la mlimi amene wazula nandolo yense n'kubzala watsopano, makamaka pamene feteleza wachepa ndipo mvula yadukiza?

Ndinakulira pa munda wosapitirira ekala imodzi ndi theka, umene mayi anga amalima mpaka lero. Monga mabanja ambiri a m'chigawo cha kummwera, kumene malo ndi ochepa, sitinkalima chimanga pachokha. Pa mzere womwewo pankakhala nandolo, ndipo m'mphepete munkayanga maungu ndi khobwe. Nandolo ankatipatsa ndiwo zaziwisi chimanga chitakololedwa kale, wouma wogulitsa pa msika wa Lunzu, komanso mitengo yake yophikira, zomwe n'zofunika kwambiri m'dera limene nkhuni zikusowa. Mayi amadulira gawo lina la nandolo wawo wa Mthawajuni chaka chilichonse, ndipo amanena motsimikiza kuti wodulira amabereka msanga ndiponso sataya mtima ndi ng'amba. Amalume anga, amene munda wawo wachita malire ndi wathu, amazula yense, ponena kuti mphukira zimakula mofulumira n'kuphimba chimanga chisanafike m'mawondo. Onse awiri ndi alimi osamala amene amaonetsetsa zochitika m'munda mwawo, ndipo ndikukhulupirira kuti aliyense akunena zoona pa zimene waona. Chimene chikusowa ndi muyeso wosonyeza kuti phindu la kudulira limaposa liti kuipa kwake, pa dothi lotani, ndiponso pa msinkhu uti wa chitsa.

Nditamaliza digiri yoyamba ya zaulimi mu 2019, ndinabwerera ku Blantyre kukagwira ntchito ndi makalabu a alimi m'madera a Lunzu ndi Kunthembwe, pansi pa bungwe lina losakhala la boma. Ntchito yanga inali kukhazikitsa minda yachitsanzo, kuyeza zokolola ndi kulemba zimene alimi alowetsa m'munda. Zaka zimenezi zinandionetsa kuti ulangizi umene timapereka umaganizira mlimi amene ali ndi feteleza wokwanira makilogalamu 92 a naitulojeni pa hekitala, pamene alimi ambiri amene ndinkagwira nawo ntchito ankamwaza thumba limodzi m'munda wonse, ngakhale atapeza mwayi wa zipangizo zotsika mtengo za AIP. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola dothi lachonde m'minda yambiri ya m'boma lino, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. M'nyengo ya ng'ambayo ndinaona minda imene chimanga chinauma chisanamasule, koma nandolo wodulira ali wobiriwira. Zimenezi ndinaziona ndi maso okha popanda kuyeza, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuphunzira kufufuza mwadongosolo.

Pali zifukwa zomveka zoyembekezera kuti kudulira kungathandize. Nandolo ali ndi muzu wautali umene umatapa chinyontho pansi pamene mizu ya chimanga sifika, ndipo chitsa cha chaka chachiwiri chimayamba dzinja muzuwo utakhazikika kale. Tizilombo tothandiza tokhala m'timatuza ta mizu yake timakoka naitulojeni wa mumpweya, masamba ake akayoyoka amawolerana n'kubwezera chonde m'dothi, ndipo mlimi sagulanso mbewu. Koma zovuta zake ziliponso, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Mphukira zimalimbirana kuwala ndi chimanga m'masabata oyamba, nthawi imene nandolo wobzala kumene amakula pang'onopang'ono osavutitsa mnzake. Matenda ofotetsa nandolo amakhala m'dothi, choncho chitsa chokhalitsa chikhoza kuwachulukitsa. Chiswe chimadya zitsa m'chilimwe, ndipo mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola zimadya mphukira, nkhani imene yankho lake lili kwa mafumu ndi malamulo a m'mudzi kuposa kwa katswiri wa mbewu.

Ndikuganiza zoyerekeza njira zitatu: chimanga pachokha, chimanga ndi nandolo wobzala kumene, ndi chimanga ndi nandolo wodulira, ndipo wodulirayo adulidwe pa misinkhu iwiri, wina pafupi ndi nthaka, wina chamumtunda. Njira iliyonse idzayesedwa ndi feteleza wa mlingo wonse komanso wa theka. Ndidzagwiritsa ntchito mitundu iwiri ya nandolo, Mthawajuni amene alimi amasunga okha ndi Mwaiwathu alimi wochokera ku kafukufuku, chifukwa sikoyenera kungoganiza kuti mitundu yonse imaphukanso mofanana. Ndidzatsata ndondomeko ya minda ya mayi ndi ana, imene inayambira kuno ku Malawi: munda umodzi waukulu wokhala ndi njira zonse zobwerezedwa, ndi timinda ta alimi momwe aliyense adzayesa njira zochepa monga amalimira masiku onse. Popeza kudulira kumafuna nandolo wa chaka chimodzi kale, pamene maphunzirowa ndi a zaka ziwiri zokha, ndagwirizana ndi makalabu awiri kuti abzale mitundu iwiriyi dzinja lino, kuti zitsa zidzakhale zilipo pamene ndikuyamba kuyeza.

Ndidzayeza zokolola za chimanga ndi nandolo, kulemera kwa masamba oyoyoka ndi nkhuni, chinyontho cha m'dothi pa kuya kosiyanasiyana, kuchuluka kwa zitsa zopulumuka chilimwe, ndi mitengo yofota. Koma kilogalamu yokolola siifotokoza yokha za njala ya pakhomo, choncho ndidzalembanso mwezi umene banja lililonse layamba kuthyola nandolo, mwezi umene chimanga chatha m'matumba, ndi masiku amene lapita kukagwira ganyu. Ndidzafunsa amayi ndi abambo padera, chifukwa m'mabanja ambiri a kuno amayi ndiwo amasamalira nandolo wodya pakhomo, koma mtengo ukakwera nkhani ya kugulitsa imasintha manja. Alimi sanaiwale mmene mtengo wa nandolo unagwera mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo ambiri anachepetsa kubzala. Pa chifukwa chimenechi ndidzawerengera phindu la njira iliyonse pa mtengo wabwino komanso woipa, kuti zotsatira zisadalire msika wa chaka chimodzi.

Ndasankha Bunda chifukwa ndikufunika kuphunzira mozama za chonde cha m'nthaka, kakonzedwe ka minda ya kafukufuku ndi kasanthulidwe ka ziwerengero, komanso kugwiritsa ntchito labotale poyeza naitulojeni m'dothi ndi m'masamba. Ndikufunanso kupempha upangiri kwa akatswiri a mbewu za mtundu wa nyemba a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, makamaka pa kuzindikira matenda ofotetsa. Kumbali yanga ndikubweretsa luso loyendetsa minda yoyesera pakati pa alimi, ndi makalabu amene avomera kale kupereka malo.

Ndikamaliza ndikufuna kubwerera ku ntchito ya ulangizi m'chigawo cha zaulimi cha Blantyre ndi malangizo olembedwa m'Chichewa, onena momveka kuti mlimi adulire nandolo wa mtundu uti, pa msinkhu wanji, ndiponso pa munda wotani. Zotsatira zikadzasonyeza kuti kudulira kumachepetsa chimanga kuposa zimene banja limapindula, ndidzalemba zimenezo momveka chimodzimodzi. Ndikupempha komiti yosankha ophunzira kuti iganizire pempho langa.